Ndalama ndi zanga, koma makina a ATM sakuziona

Nditagulitsa kachewere pa Lizulu ndinatsala ndi K600,000, ndipo abale anainunkhiza ndisanafike n'komwe kunyumba ku Tsangano. M'mawa mwake ndinathawira nayo kubanki pa Ntcheu boma.

Mtsikana wa pakauntala anandiyalira njira ziwiri. Mu akaunti ya sevingi ndalama umatapa tsiku lililonse, koma chiwongoladzanja n'chochepa: anati 4 peresenti pachaka, ndiye pa miyezi 6 ndipeza K12,000. Mu fikisidi umapangana ndi banki kuti ndalamayo suikhudza mpaka tsiku lakuti, iwo n'kukupatsa zochulukirapo: 12 peresenti pachaka, K36,000 pa miyezi yomweyo, boma lisanadulepo msonkho. Makutu anga anagwira 36 yekhayo. Ndinasayina.

Poyamba zinkakoma. Alamu anga atabwera kudzabwereka K50,000, ndinangotambasula manja: "Pepani alamu, zili mu fikisidi." Mawu amenewa amathamangitsa wangongole kuposa galu wolusa.

Kenako mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Mayi a kunyumba anati, "Bambo a Chisomo, thamangani mukagule feteleza mitengo isanapenge." Ndinafika pasitolo monyada, n'kuuza anyamata akweze matumba pangolo, ine ndikatape kaye ndalama. Makina aja anandionetsa K3,200. Ndinatulutsa khadi, kuipukuta pamalaya, kuibwezeramo. K3,200 yomweyo. Kumbuyo wina anati, "Achimwene, makinawo sabereka."

M'kati, mtsikana uja anandifotokozera mwaulemu wopweteka. Khadi imaona za mu sevingi zokha. Fikisidi ili payokha, yokiyidwa mpaka Malichi. Kuithyola n'kotheka, koma ndilembe kalata yopempha, ndidikire abwana avomereze, ndipo chiwongoladzanja cha miyezi iwiri yomwe yadutsayo, K12,000, ndichiiwale.

"Ndalama zangazanga ndizilembere kalata?"

"Eya bambo. Munatibwereka, ndipo tsiku lobweza munasankha nokha."

Nditacheuka, pamzere panali alamu aja, akumva zonse. Ndinawanong'oneza kuti andithandizeko ya thiransipoti. Anatambasula manja ngati ine ndendende: "Pepani alamu, zanganso zili mu fikisidi." Munthu woti ngakhale akaunti alibe, anangoperekeza mnzake!

Anyamata anatsitsa matumba aja akung'ung'udza, n'kundilipiritsa yokweza ndi yotsitsa yomwe. Ndalama inatuluka mawa lake, K600,000 yosawonjezera ngakhale tambala, feteleza atakwera kale.

Chaka chino mayi a Chisomo anapita nane okha kubanki. Ya feteleza ndi ya matenda anaisiya mu sevingi. Ya malata, yomwe sitiifuna mpaka mvula ithe, anaiika mu fikisidi ya miyezi 3, n'kufunsanso zomwe ine sindinafunse: tsikulo likakwana osabwera, chimachitika n'chiyani? Akuti pabanki pathupa amangoikiyanso miyezi ina 3. Tsikulo analilemba ndi khala kuseri kwa chitseko, ndipo fomu yonse anasayina okha. Ine ntchito yanga inali yonyamula chikwama.