Lachitatu: chiphadzuwa chalowa m'makina, chatuluka chili mkazi wokongola

Ntchito ya lero inali pa mizere itatu yachikondi, yopekedwa dala kuti iyese makina omasulira kuchokera m'Chichewa kupita m'Chingerezi:

Chiphadzuwa changa, utalowa pakhomo
mtima wanga unakhala pansi, kuti myaa,
ngati dothi la m'Okutobala litamwa chizimalupsa.

Amene anakula ndi Chichewa akumva kale chimene chamanga mizereyi pamodzi. Ndi kutentha kumene kukuzimitsidwa. Chiphadzuwa ndi uja kukongola kwake kumapha dzuwa, chizimalupsa ndi mvula yoyamba yozima malo amene moto wolusa unawotcha, ndipo "myaa" wakhala pakati ngati kuzizira kwenikweniko. Wokondedwayu sakungotamandidwa nkhope. Akunenedwa kuti ndiye wathetsa chilimwe.

Makina akamasulira bwino, mwa muyeso wawo, amapereka zofanana ndi izi: mkazi wanga wokongola, utabwera mtima wanga unadekha ngati nthaka italandira mvula. Palibe bodza pamenepo, n'chifukwa chake vutoli limavuta kuligwira. Koma dzuwa lapita, lupsa lapita, ndipo mzere woyamba ndi wachitatu sukudziwananso.

Gwero lake lili m'kaphunziridwe ka makinawo. Google Translate inayamba kumasulira Chichewa mu 2014, ndipo monga makina ena otere, imaphunzira pa ziganizo zambirimbiri zimene anthu anamasulira kale. Ikapatsidwa chiganizo chatsopano imasankha mawu amene amapezeka kawirikawiri pamalo otero. Tsono zolembedwa za Chichewa zokhala ndi mnzake wa Chingerezi n'zochepa, ndipo zambiri ndi zachipembedzo, zaumoyo ndi zidziwitso za mabungwe, kumene womasulira amafuna uthenga womveka msanga. Ngati anthuwo ankati akapeza "chiphadzuwa" n'kulemba mkazi wokongola, makina nawo aphunzira zomwezo. Wolemba ndakatulo amafuna mawu osayembekezeka, makina amafuna oyembekezeka. Apa ndiye pagona nkhani.

Liwu losowa ngati chizimalupsa lili ndi tsoka lina. Makina amaliduladula m'tizidutswa n'kuyesa kulota tanthauzo, choncho lingatuluke ngati mvula wamba, ngati chinthu china chosagwirizana, kapena kungosiyidwa momwe lilili ngati dzina la mudzi. Mawu a mvekero monga "myaa", "phee" ndi "mbee" Chingerezi chilibe ofanana nawo enieni, ndiye nthawi zambiri amangogwa m'njira mwakachetechete.

Choopsa kuposa zonse chili pa mzere wachiwiri. Kwathu mtima ukakhala pansi ndiye kuti munthu wapeza mtendere. M'Chingerezi mtima ukatsika kapena kumira ndiye kuti munthu wakhumudwa. Makina akangotsata liwu ndi liwu, wolandira ndakatulo angawerenge kuti kubwera kwake kunakugwetsani ulesi.

Nanga wowerenga angazigwire bwanji? Musanapereke ndakatulo kwa makina, lembani papepala zinthu zonse zooneka kapena zokhudzika zimene zili m'menemo, kuphatikizapo zobisala m'kati mwa mawu. Pano zilipo zisanu ndi chimodzi: dzuwa, khomo, mtima, dothi, mvula ndi lupsa. Kenaka werengani zimene zapulumuka kutsidyako. Zikatsala zitatu kapena zinayi, yang'anani ngati zotayikazo si zomwe zinali kulumikiza mizere.

Anthu ambiri amakonda kubweza: kutenga Chingerezi chatulukacho n'kuchimasuliranso m'Chichewa. Zimathandiza kuona chimene chasowa, makamaka kwa amene Chingerezi chimawavutirapo, koma musazikhulupirire kwambiri. Mtima wotsika uja ukhoza kubwerera uli "mtima unakhala pansi" bwinobwino, inu n'kumati zonse zili m'malo, pamene wowerenga Chingerezi wamva zosiyana. Ngati mubweza, bwezerani pa makina ena, osati omwewo.

Njira imene ndimaiona yakuthwa ndi yosinthanitsa. Lembani ndakatulo yachiwiri yopanda mchere dala: pa chiphadzuwa ikani "mkazi wokongola", pa chizimalupsa ikani "mvula", ndipo "myaa" mumuchotse. Masulirani zonse ziwiri n'kuziika pafupi. Zikatuluka zofanana kapena zosiyana liwu limodzi lokha, mwapeza umboni woti makina sanaone kusiyana pakati pa ndakatulo yanu ndi chiganizo wamba. Yesaninso kulumikiza mizere itatuyo kukhala chiganizo chimodzi, chifukwa makina ena amatenga mzere uliwonse pawokha, ndipo "ngati" wa mzere wachitatu amatsala wopanda chomuyerekezera.

Pokonza, sikofunika kulemba zonse mwatsopano. Pa ndakatulo iyi munthu wodziwa zinenero zonse ziwiri abwezeretse dzuwa mu mzere woyamba, aonetsetse kuti mtima wadekha osati wamira, ndipo mu wachitatu anene poyera kuti ndi mvula yoyamba yogwera pa nthaka yopsa, ngakhale mzerewo utalikeko.