Zithunzi zinayi zimene timapempha tisanaode mapawabanki

Ine ndi mayi a kunyumba tili ndi kashopu pafupi ndi msika waukulu wa Zomba. Tinayamba ndi machaja, makebulo ndi matochi. Mu 2022, namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a ku Kapichira, magetsi ankathima nthawi yaitali, ndipo aliyense wolowa m'shopu ankafunsa pawabanki. Ana a ku Chanko okhala kwa Chikanda ndiwo ankabwera kwambiri, kenako amayi a geni ya nsomba ochokera ku Kachulu. Tinagwirizana zoikako theka la mpamba wathu.

Munthu wina wopikulitsa katundu ananditumizira chithunzi pa WhatsApp. Inali pawabanki yakuda, yonyezimira, kutsogolo atalemba `30000mAh` m'zilembo zikuluzikulu, nambala yosonyeza kuchuluka kwa moto umene imasunga. Mtengo wake unali wotsika kuposa wa mapawabanki a `10000mAh` amene ndinkawaona ku Limbe. Ndinaoda makumi awiri.

Sabata isanathe, mtsikana wina wa kwa Chikanda anabwera nayo ali wokhumudwa. "Bambo, ndaitchaja usiku wonse, koma foni yanga yangochoka pa 10 kufika pa 50, iyo n'kuthima." Tsiku lomwelo anabweranso anthu atatu ndi dandaulo lomwelo. Tonse awiri tinaona kuti palibe chokanganirana, ndipo tinawabwezera ndalama zawo.

Madzulo mphwanga amene amakonza mafoni ku Chinamwali anaitsegula imodzi pa benchi. Sinavute n'komwe, anangolowetsa chikhadabo pamsoko chikuto n'kulekana. M'kati munali mabatire anayi ooneka ngati a tochi. Awiri okha ndiwo anali ndi mawaya. Awiri enawo anangowamata ndi guluu, ndipo ataboola limodzi munatuluka mchenga, wouma ngati wa mumtsinje wa Likangala m'chilimwe. Atasenda pulasitiki ya awiri amoyowo anandiitana: "Malume, taonani kunsi kuno." Pachitsulo panali timadontho tinayi tokumbika, ndi mikwingwirima ya chopalira.

Timadontho timeneto ndi zipsera za kuwotcherera. Batire ikamalowa mu laputopu kapena m'chipangizo china, amaiwotcherera ku kalamba ka chitsulo ndi timadontho ta moto wa magetsi. Munthu akathyola kalambako kuti batire aigulitsenso, zipsera zimatsala. Amazipala, n'kuiveka batireyo pulasitiki yatsopano yolembedwa nambala iliyonse imene akufuna. Batire yatsopano kunsi kwake kumakhala kosalala, kopanda chipsera. Ndiye ife tinagulitsa anthu mabatire otha ntchito a m'malaputopu akale.

Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti bodzalo linali poyera, kumbuyo kwa pawabankiyo, m'tizilembo ting'onoting'ono timene sindinapemphe kuti andijambulire. Panalembedwa `30000mAh 3.7V 37Wh`. `V` ndi mavoti a batire, pomwe `Wh` ndi mphamvu yonse imene batireyo imasunga. Manambala atatuwa amayenera kugwirizana, ndipo samu yake ndi iyi:

```
mAh × 3.7 ÷ 1000 = Wh
```

Ya `10000mAh` imapereka `37Wh`, ya `20000mAh` imapereka `74Wh`. Ya `30000mAh` yeniyeni ikanalembedwa `111Wh`. Wopangayo anangotenga zolemba za pawabanki yaing'ono n'kusintha nambala yaikulu yokha, inayo n'kuiiwala. Ndipo ngakhale `37Wh` yomweyo inali yabodza. Mphwanga anaidzaza, n'kuilumikiza ku kamita ka pa USB mpaka inathima. Kamitako kanaima pa `1900mAh`.

Apa ndifotokoze chinthu chimene chimasokoneza makasitomala ambiri, ngakhale pa katundu wabwino. Batire ya m'kati imasunga mphamvu pa `3.7V`, koma foni imalandira pa `5V`, ndipo pokweza mphamvuyo ina imatayika ngati kutentha. N'chifukwa chake pawabanki yoona ya `10000mAh` imatulutsa pafupifupi 6000 kapena kupitirirapo pang'ono, ndipo opanga ambiri okhulupirika amalemba zimenezi poyera, mwachitsanzo `Rated capacity: 6000mAh`. Ndikaona mzere umenewu pachithunzi mtima umakhalako pansi, chifukwa wofuna kunama sakonda kulemba nambala yaing'ono.

Tinatsala ndi mpamba wochepa, koma sitinasiye. Tinangosintha kaodedwe. Lero ndisanatumize ndalama ndimapempha zithunzi zinayi za katundu yemweyo amene ali m'manja mwa wogulitsa, osati zotola pa intaneti.

Choyamba ndi cha kumbuyo, chojambula pafupi kuti tizilembo tiziwerengeka. Ndimachita samu ija, kenako ndimawerenga liwu lililonse. Ndaonapo `Capactiy` m'malo mwa `Capacity`, ndi dzina la kampani yotchuka atasinthamo chilembo chimodzi. Zilembo zofufuma, mizere yopendekeka, kapena kusowa kwa dzina ndi adiresi ya wopanga, zonsezi zimandibweza. Tizizindikiro ta `CE` ndi `FCC`, tosonyeza kuti katundu akutsatira malamulo a ku Ulaya ndi ku America, sindiwerengera, poti aliyense wokhala ndi makina osindikizira angatidinde.

Chachiwiri ndi cha pawabanki ili pasikelo, pambali pake pali bokosi la machesi kuti ndione kukula. Mphamvu ya lithiyamu ili ndi kulemera kwake, ndipo palibe matsenga ochepetsera. Batire ya `18650`, imene ndi mamilimita 18 m'mimba ndi 65 m'litali, yabwino kwambiri imasunga pafupifupi `3500mAh` ndipo imalemera magalamu 45 mpaka 50. Kuti mufike pa `30000mAh` mufunika mabatire otere asanu ndi anayi, kutanthauza magalamu opitirira 400 musanaikepo chikuto. Yathu ija inali ndi malo a anayi okha, ndipo inkalemera magalamu 230. Sikelo payokha ikhoza kunamizidwa ndi mchenga, koma kukula sikunamizika: mabatire asanu ndi anayi sangalowe m'kanthu kofanana ndi sopo wosambira. Lamulo lomweli ndimagwiritsa ntchito pa mabatire a matochi. Ndikaona `18650` yolembedwa `9900mAh` sindifunsanso mtengo.

Chachitatu ndi cha msoko wa chikuto, makamaka pangodya ndi pozungulira pabowo la USB. Ku fakitale yabwino zigawo ziwirizo amaziwotcherera kapena kuzikoleka mogwirana, msoko n'kukhala wowongoka ngati mzere wa rula. Yotsegulidwapo kale imaoneka tizipsera toyera pamene analowetsa chitsulo, guluu wotuluka m'mbali, kapena mpata wokula mbali imodzi. Mpata ukakhala pakati penipeni, chikuto chitatukuka, ndiye kuti batire ya m'kati yatupa, ndipo yotereyo ikhoza kuyaka moto ili pachaja. Imeneyo sindiifuna ngakhale yaulere, pakuti anthu amagona nazo kumutu kwa bedi.

Chachinayi ndi cha mabatire ogulitsa paokha: kunsi kwake, pakuwala kwa dzuwa, batire itapendekeka pang'ono kuti zipsera ndi mikwingwirima zioneke. Ndimayang'ananso ngati pulasitiki yake ili ndi makwinya pakhosi, chizindikiro chakuti anaiveka pamanja.

Zithunzi zimandithandiza kukana katundu woipa, koma sizinganditsimikizire kuti katundu ndi wabwino. Alipo achinyengo aluso amene samu yawo imagwirizana ndipo msoko wawo ndi waukhondo. Choncho ngakhale zithunzi zonse zikhale bwino, ndimayamba ndaoda ziwiri zokha, mphwanga n'kuziyeza pakamita kaja. Ya `10000mAh` ikatulutsa zochepera 5500, katoni yake sindiitenga.

Wopikulitsa wina mwezi watha anakwiya nditamupempha chithunzi cha pasikelo. "Achimwene, inu nokha ndinu ovuta, anzanu amangotumiza ndalama." Ndinamuyankha kuti ndidikira. Mpaka lero chithunzicho sanatumize.

Pawabanki ya mchenga ija tinaisunga. Imakhala pashelefu pafupi ndi sikelo, yotsegula. Kasitomala akanena kuti kumsika waona ya `50000mAh` yotchipa kuposa yathu ya `10000mAh`, mayi a kunyumba amaitsitsa, n'kumupatsa batire yoboola ija kuti akhutulire yekha mchengawo pachikhatho.