Lonjezo limodzi m'Chichewa ndi m'Chishona

Ndimagulitsa zitenje zochokera ku Lilongwe kuno ku Harare, m'dziko la Zimbabwe, kudzera patsamba langa la pa intaneti. Makasitomala anga ali pawiri: anzathu olankhula Chichewa a ku Mbare, Mabvuku ndi Highfield, komanso Mashona amene anazolowera katundu wanga. Wondikonzera tsamba anandipatsa zikalata ziwiri zolembedwa kale m'Chingelezi, china chofotokoza m'mene ndimasungira zinsinsi za ogula, china cha mfundo za mgwirizano pa malonda. Zinali zolembera anthu a ku Ulaya, choncho kungozimasulira kukanakhala kunamiza anthu m'zinenero ziwiri.

Ndinayamba ndi kope ndi cholembera, n'kutsatira oda imodzi kuchokera poyambira mpaka pothera. Mayi wa ku Mufakose akagula chitenje amandipatsa dzina, nambala ya foni ndi keyala. Akalipira pa EcoCash, dzina ndi nambala yake zimatsala mufoni mwanga. Mnyamata wanjinga yamoto wokapereka katundu amalandira keyala ndi nambala ija. Ngati mtundu umene wafuna watha, chithunzi cha oda chimapita pa WhatsApp kwa mlamu wanga ku Lilongwe, ndipo apa uthenga wa munthu wawoloka malire. Lamulo la Zimbabwe la 2021 loteteza uthenga wa anthu lili ndi zofuna zake pa uthenga wotuluka m'dziko, ndiye ndinangotseka njirayo. Masiku ano alamu amalandira nambala ya oda ndi chithunzi cha chitenje basi. Zotsalazo, kuphatikizapo zoti wanjinga amaona keyala, ndinazilemba poyera m'chikalata.

Kenako ndinakonza manambala. Chikalata cha zinsinsi cha Chingelezi chija chinkatchula maola 72 odziwitsira akuluakulu ngati uthenga wabedwa, monga likunenera lamulo la ku Ulaya la GDPR. Kuno ndi maola 24, ndipo odziwitsidwa ndi a POTRAZ, bungwe la boma loyang'anira za mtokoma ndi mafoni. Kwa ine kubedwa kwa uthenga si nkhani ya akatswiri othyola makompyuta ayi, ndi foni kusowa mukombi. N'chifukwa chake ndinawonjezera mzere wonena kuti foni ya malonda ili ndi loko, komanso kuti ikasowa ndidzawauza eniake manambala. Malamulo a 2024 amafunanso kuti wosunga uthenga wa anthu 50 kapena kuposerapo atenge laisensi ku POTRAZ, ndipo kabizinesi ngati kanga sikachedwa kufika pamenepo.

Pa mfundo za malonda ndinalemba kuti mtengo uli m'madola a ku America, ndipo wolipira mu ZiG, ndalama ya Zimbabwe, amatsata mtengo wosinthira wa tsiku lolipiralo. Mawu oti katundu wogulidwa sabwezedwa ndinawapewa. Lamulo loteteza ogula la 2019 limapatsa wogula pa intaneti masiku 7 oti asinthe maganizo, kuwerenga kuchokera tsiku limene walandira katundu, ndipo iye amangolipira zobwezera katunduyo.

Nditamaliza Chichewa ndinaika manambala pa ndime zonse, kuti ndime 6 ikambe za kubweza katundu m'zinenero zonse ziwiri. Chishona ndimalankhula bwino, koma kulemba za malamulo ndinapatsa mphunzitsi wina wopuma pa ntchito. Atamaliza sindinafunse anthu ngati zikumveka bwino, chifukwa aliyense amangoyankha kuti eya. Ndinapatsa azakhali anga chikalata cha Chichewa, neba wanga Mshona cha Chishona, n'kuwafunsa funso limodzi: mwalipira pa 2, katundu wafika pa 5, tsiku lomaliza kubweza ndi liti?

Azakhali anawerenga ndi zala n'kunena kuti, "Iwe, ndi pa 12." Neba anati pa 9. Chikalata cha Chishona chinali kuwerenga kuchokera tsiku lolipira. Masiku atatu amenewo akanalandidwa kwa gulu limodzi la makasitomala popanda wodziwa, mpaka tsiku la mkangano. Tinakonza, ndipo ndinafunsanso mafunso ena otere: ndani amaona nambala yanu, mungalembere kuti mukafuna kuona kapena kukonza zimene ndasunga za inu?

Ambiri amaika mzere wonena kuti zikalata zikasiyana, cha Chingelezi ndicho chidzagwire ntchito. Ine ndinakana, pakuti si chilungamo kumanga munthu ndi mawu amene sanawawerenge. Ndinalemba kuti chikalata chimene wogula anawerenga ndi kuvomereza ndicho chondimanga ine.

Kuti zimenezi zitheke, kabokosi kovomerezera kamakhala kopanda chizindikiro mpaka wogula atachonga yekha, ndipo oda iliyonse imasunga chinenero chimene anasankha ndi deti la chikalatacho. Kulandira mauthenga otsatsa malonda kuli ndi kabokosi kakekake. Ndikasintha mtengo wotumizira katundu, ndimasintha ndime 4 m'zikalata zonse ziwiri tsiku lomwelo, ndipo zakale ndimazisunga ndi madeti ake.