Zimene ndakonza ndi zimene ndasiya m'buku la pampu

Lero ndamaliza kukonza buku la malangizo a pampu ya madzi limene linamasuliridwa ndi makina. Pa tsamba 14 ndinaima nthawi yaitali. Chiganizo chinali chosalala bwino: “Tsegulani valavu musanazimitse mota.” Koma buku loyambirira likuti mota izimitsidwe kaye, valavu pambuyo. Makina anatembenuza ndondomeko, ndipo poti Chichewa chake chinkamveka bwino, diso likanangodutsa. Zolakwika zoterezi ndi zimene zimandiopsa, chifukwa munthu akhoza kuvulala nazo. N'chifukwa chake chenjezo lililonse, nambala iliyonse ndi mawu oletsa ndimaziyerekeza ndi buku loyambirira mzere ndi mzere.

Ndinakonzanso pamene chipangizo chimodzi chinapatsidwa mayina atatu: sefa, chosefera, fyuluta. Makaniko angaganize kuti ndi zinthu zitatu, choncho ndasankha sefa paliponse. Batani lolembedwa RESET ndalibwezera momwemo, poti ndi zimene munthu adzaone pa pampuyo.

Koma ziganizo zouma, zobwereza “onetsetsani kuti” kasanu pa tsamba limodzi, ndazisiya. Mtima umafuna kuzikometsa, komabe tanthauzo lake ndi lolondola, ndipo wogwira sipanala adzazimva.