Fomula ya havasaini: zomwe nambala iliyonse ikuyimira pa mtunda wa London ndi Paris

Fomula ya havasaini ambiri timayamba kuiloweza tisanaimvetse, ndiye ikatipatsa yankho lolakwika sitidziwa pomwe talakwitsa. Kwa ine, chinthu chofunika kuchigwira ndi chimodzi: fomulayi siyeza makilomita mwachindunji. Imayamba yapeza ngodya yomwe malo awiri akupanga pakatikati pa dziko lapansi, kenako ngodyayo ndi imene timaisandutsa mtunda.

Titenge dziko ngati mpira wobulungira bwinobwino. Mukaudula mpirawo ndi mpeni wodutsa pa malo awiri aja komanso pakati penipeni, m'mphepete mwa podulapo mumatuluka mkombero waukulu kwambiri womwe ungatheke pa mpirawo. Njira yaifupi pamwamba pa dziko imatsata mkombero umenewu. Fomula yake ndi iyi:

```
a = sin²(Δφ/2) + cos φ1 · cos φ2 · sin²(Δλ/2)
c = 2 · asin(√a)
d = R · c
```

Apa φ ndi latichudi, λ ndi longichudi, Δ ndi kusiyana kwa nambala ziwiri, ndipo R ndi mtunda wochoka pakati pa dziko kufika pamwamba, womwe timautenga kukhala makilomita 6,371. Havasaini wa ngodya ndi `sin²(θ/2)`, ndiko kuti saini wa theka la ngodyayo atachulukitsidwa ndi iye yemwe. Dzinali analiyambitsa ndi James Inman mu 1835, nthawi yomwe amalinyero ankawerengera ulendo ndi matebulo osindikizidwa.

Tiyese ndi London, yomwe ili pa 51.5074° kumpoto ndi 0.1278° kumadzulo, ndi Paris, yomwe ili pa 48.8566° kumpoto ndi 2.3522° kummawa. Kumpoto ndi kummawa timalemba nambala momwe ilili, koma kumwera ndi kumadzulo timaika chizindikiro chochotsera. Choncho longichudi ya London ndi −0.1278.

Kusiyana kwa latichudi ndi 48.8566 − 51.5074 = −2.6508°. Kwa longichudi ndi 2.3522 − (−0.1278) = 2.4800°. Taonani kuti apa nambala zaphatikizana, chifukwa mizindayi ili mbali zosiyana za mzere wa Greenwich, pomwe longichudi ndi 0. Kenako madigiri tiwasandutse maradiyani powachulukitsa ndi π/180, zomwe zikupereka −0.046265 ndi 0.043284.

Gawo loyamba la `a` ndi la kumpoto ndi kumwera. Theka la −0.046265 ndi −0.023133, saini wake ndi −0.023131, ndipo tikamuchulukitsa ndi iye yemwe tipeza 0.00053502. Chizindikiro chochotsera chazimiririka, n'chifukwa chake zilibe kanthu kuti mwayambira mzinda uti.

Gawo lachiwiri ndilo lofunika kuchedwapo. Theka la 0.043284 ndi 0.021642, ndipo `sin²` wake ndi 0.00046831. Koma nambalayi sitingaiphatikize choncho. Mizere ya longichudi ndi yotalikirana pa ikweta ndipo imayandikirana mpaka kukumana kunsonga za dziko. Digiri imodzi ya longichudi pa ikweta ndi makilomita pafupifupi 111, pomwe pa latichudi 60° ndi theka lake. Makosaini awiri aja ntchito yawo ndi kuchepetsa gawoli molingana ndi kuyandikirana kumeneko. Kosaini wa 51.5074° ndi 0.62241, wa 48.8566° ndi 0.65795, ndipo tikawachulukitsa tipeza 0.40951. Gawo lachiwiri latsika kufika pa 0.00019178. Wowaiwala makosainiwa apeza makilomita pafupifupi 404, ngati kuti mizindayi ili pa ikweta.

Tikaphatikiza, `a` = 0.00072680, ndipo `√a` = 0.026959. Nanga nambala imeneyi ndi chiyani? Tayerekezani kuti mwakumba ngalande yowongoka kuchoka ku London kukatulukira ku Paris, kudzera pansi pa nthaka, pa mpira womwe R wake ndi 1. `√a` ndi theka la kutalika kwa ngalandeyo. Theka limenelo ndi saini wa theka la ngodya ya pakati, ndiye `asin` amatibwezera theka la ngodya, ndipo kuchulukitsa ndi 2 kumatipatsa yonse: `c` = 0.053925 ya radiyani, omwe ndi madigiri pafupifupi 3.09. Potsiriza 6,371 × 0.053925 ndi makilomita 343.6. Mzere womalizawu umagwira ntchito pokhapokha `c` ali m'maradiyani. Mu Python, fomula yonse imalembedwa motere:

```python
from math import radians, sin, cos, asin, sqrt

def haversine(lat1, lon1, lat2, lon2):
    p1, p2 = radians(lat1), radians(lat2)
    a = sin((p2 - p1) / 2)**2 + cos(p1) * cos(p2) * sin(radians(lon2 - lon1) / 2)**2
    return 2 * 6371 * asin(sqrt(min(1, a)))
```

Zolakwika zomwe ndimaziopa kwambiri ndi zomwe zimatulutsa yankho looneka lanzeru. Mukaiwala chizindikiro chochotsera pa longichudi ya London, Δλ ikhala 2.2244° ndipo mtunda utuluka makilomita 334.6. Asowa makilomita 9 okha, ndipo palibe angakayikire pongoyang'ana. Chimodzimodzi kuwerenga 48°51′ ngati 48.51. Digiri ili ndi mphindi 60, choncho 48°51′ ndi 48.85, ndipo kusiyana kwa 0.34° kumeneko kumasuntha malowo makilomita pafupifupi 38. Palinso kusinthanitsa nambala: mafayilo a GeoJSON, osungira malo a pa mapu, amayamba ndi longichudi, pomwe anthu timazolowera kutchula latichudi poyamba. Latichudi yoposa 90 ndi chizindikiro choti zasinthana, koma pa London ndi Paris nambala zonse zili pansi pa 90, ndiye pulogalamu singadandaule.

Njira yodzitetezera ndiyo kuyesa ndi malo omwe yankho lake mukulidziwa kale. Kuchoka pa (0, 0) kufika pa (1, 0) payenera kutuluka makilomita 111.19, kufika pa (0, 180) atuluke 20,015, omwe ndi theka la kuzungulira dziko ndipo palibe yankho lingapose pamenepo. Yesaninso longichudi 179° ndi −179° pa ikweta. Kusiyana kwake ndi 358°, koma `sin²` wa 179° ndi wofanana ndi wa 1°, motero fomula imapeza yokha njira yaifupi ya madigiri 2 popanda inu kukonzapo kanthu.

Wina angafunse chifukwa chosagwiritsira ntchito lamulo la makosaini, lomwe limapeza ngodya yomweyi kudzera mwa kosaini wake ndipo ndi lalifupi. Vuto lili pa mitunda yaing'ono. Pa mita imodzi, kosaini wa ngodya amasiyana ndi 1 ndi pafupifupi 0.000000000000012 basi, ndipo kompyuta imasunga madijiti owerengeka, ndiye zambiri za kusiyanako zimatayika. Havasaini amasunga kanambala kakang'onoko payekha osakaphatikiza ndi 1. Iye kufooka kwake kuli kumbali inayo: malo awiri akakhala moyang'anizana mbali ziwiri za dziko, `a` amatha kupitirira 1 pang'ono chifukwa cha kudula madijiti, ndipo `asin` amakana. `min(1, a)` ali m'kodiyo pa chifukwa chimenechi.

Malire enieni ali pa R. Dziko si mpira weniweni: kuchoka pakati kufika pa ikweta ndi makilomita 6,378, kufika kunsonga ndi 6,357. Pa chifukwa ichi yankho limatha kuphonya mpaka pafupifupi 0.5 peresenti, zomwe pa makilomita 343.6 sizifika makilomita awiri. Kulemba 343.556 ndi kulonjeza zomwe fomulayi singakwanitse. Ine ndingaime pa 344. Woyeza malire a minda kapena wokonza mapu, yemwe akufuna mamita enieni, atenge njira ya Vincenty ya 1975, yomwe imawerengera pa dziko lophwatalala pang'ono monga la WGS 84, lomwe GPS imagwiritsa ntchito.