Mafoni awiri, tchipu chimodzi, koma gemu ikudodoma pa imodzi

Ntchito yanga ndi kuyesa magemu a pafoni asanafike kwa anthu, ndipo sabata yathayi ndinaithera pa dandaulo limodzi lokha. Gemu yathu ya mpikisano wa magalimoto inkayenda myaa pa foni ina, koma pa inzake inkadodoma moti woyendetsa ankagunda khoma pa ngodya iliyonse. Chomwe chinatizunguza mutu n'chakuti pa mabokosi a mafoni awiriwo panalembedwa pafupifupi zofanana: tchipu chimodzi, chomwe ndi ubongo wa foni, RAM ya 8 GB, malo osungira a 128 GB.

Lolemba mkulu wa gulu lathu anandiyalira mafoni awiriwo patebulo nati, "Achimwene, taonani bwino, mwina inayi ndi yowonongeka chabe." Ndinayankha kuti, "Bwana, ndipatseni mpata ndiyeze kaye, chifukwa odandaula onse ali ndi foni ya mtundu womwewu." Foni imodzi ikhoza kuwonongeka, koma osati za anthu onsewo nthawi imodzi.

Choyamba ndinafuna kutsimikiza kuti za m'kati n'zofananadi, pakuti zimachitika kuti foni ya dzina limodzi igulitsidwe ndi matchipu osiyana m'mayiko osiyana. Ndinalumikiza iliyonse ku kompyuta n'kulemba izi:

```
adb shell dumpsys SurfaceFlinger | grep GLES
adb shell wm size
```

Mzere woyamba umatchula GPU, gawo la tchipu lomwe limajambula zithunzi, ngati ndi Adreno kapena Mali kapena ina. Pa mafoni onse awiri panatuluka dzina limodzimodzi. Mzere wachiwiri, womwe umaonetsa kuchuluka kwa mapikiselo a sikirini m'lifupi ndi m'litali, ndi umene unandiimitsa. Foni yoyenda bwino inayankha `720x1600`, yododomayo `1080x2400`. Mukachulukitsa, yoyamba ili ndi mapikiselo 1,152,000 pomwe yachiwiri ili ndi 2,592,000. GPU ndi yomweyo, koma pa foni yachiwiri ikupenta timadontho tochuluka kuwirikiza kawiri ndi kota pa chithunzi chilichonse. Wogula amaona sikirini yoteroyo ngati mwayi, ndipo powerenga ndi poonera zithunzi ndi mwayidi, koma pa gemu ndi katundu.

Komabe zimenezi sizinafotokoze zonse. Lachiwiri nditayatsa gemu pa foni yododomayo, inayenda bwinobwino. Chiwerengero cha pakona chinkaonetsa zithunzi 60 pa sekondi, ngati inzake ija. Mnzanga wina amene amalemba mbali ya zojambula anaiyesanso kwa kanthawi, n'kundibwezera akuti palibe vuto. Apa ndi pamene mayeso ambiri amasokera: munthu amasewera mphindi ziwiri, foni ikadali yozizira, n'kulemba kuti zonse zili bwino. Anthu athu sasewera mphindi ziwiri.

Lachitatu ndinaisewera kwa nthawi yaitali, ndikuyang'ana nthawi imene chithunzi chilichonse chikutenga, osati chiwerengero cha pa sekondi ayi. Sikirini ya 60 Hz imasintha chithunzi pa mamilisekondi 16.7 aliwonse, ndipo siyembekezera munthu. Gemu ikamaliza kujambula nthawiyo isanathe, chithunzi chatsopano chimaoneka. Ikachedwa ngakhale pang'ono, sikirini imabwereza chakale, ndipo diso limaona chithunzi chimodzi kwa mamilisekondi 33.3. Kenako galimoto imadumphira kutsogolo kuti ifike pamene inayenera kukhala. Kudodoma kumene anthu amadandaula nako ndi kumeneku. Gemu ikhoza kuonetsa 54 kapena 55 pa sekondi, nambala yooneka yabwino, pomwe m'sekondi iliyonse muli kudumpha kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Chala chimamva kudumphako nambala isanakuuzeni chilichonse.

Foni ikadali yozizira, chithunzi chilichonse chinkatha nthawi itangotsala pang'ono kukwana, pomwe pa foni ya sikirini yaing'ono panali kutsala mpata waukulu. Mpikisano utapitirira, kumbuyo kwa foni pafupi ndi kamera kunayamba kutentha m'manja, ndipo zithunzi zinayamba kuphonya, poyamba apa ndi apo, kenako mosalekeza. Ndinafunsa foniyo:

```
adb shell dumpsys thermalservice
```

Pa mzere wa `Thermal Status` poyamba panali 0, kutanthauza kuti palibe vuto la kutentha. Kudodoma kutafika pachimake panali 3, mlingo umene Android amautcha `SEVERE`. Foni wamba ilibe fani ngati kompyuta. Kutentha kumatuluka kudzera m'thupi lake basi, ndiye kukachuluka, foni imachepetsa yokha liwiro la GPU ndi la CPU, gawo lomwe limachita mawerengero ena onse, kuti tchipu ndi batire zisawonongeke, komanso kuti munthu asapse m'manja. Liwiro lolembedwa pabokosi lija ndi la wothamanga pa mamita oyamba. Palibe amene amalemba liwiro lake mpweya ukayamba kumuthera.

Ndiye nkhani yonse inalumikizana. Mapikiselo ochuluka ankachititsa GPU kugwira ntchito mosapuma, kusapumako kunkabala kutentha, kutentha n'kutsitsa liwiro, ndipo poti mpata unali wochepa kale, kutsika pang'ono kokha kunali kokwanira kuti chithunzi chiphonye nthawi yake. Foni inayo nayo inkafunda, koma GPU yake inkamaliza msanga n'kupuma pakati pa zithunzi. Komanso wopanga foni aliyense amaika yekha malire a kutentha ndi njira yotulutsira kutenthako, ndipo zimenezi simungazipeze pabokosi.

Pali msampha umodzi kwa woyeza. Chingwe cholumikizira foni ku kompyuta chimatchajanso batire, ndipo kutchaja kumawonjezera kutentha. Mukayeza chonchi mumaona kudodoma kukubwera msanga kuposa mmene kungabwerere. Ine ndimalumikiza popanda chingwe, ndimachotsa kava, ndimaika kuwala kwa sikirini pa mlingo umodzi, ndipo ndimadikira foni izizire ndisanayambe mayeso ena.

Lachinayi tinakonza. Gemu yathu inkajambula msewu ndi magalimoto pa kukula konse kwa sikirini, kaya ndi yotani. Tinasintha kuti pa matchipu a mphamvu yoteroyo zijambulidwe pa 720x1600 kenako zitambasulidwe kudzaza sikirini, koma zilembo ndi mabatani zikhalebe pa kukula konse kuti zisachite chimbuuzi. Mnzanga wa zojambula uja sanasangalale, ankati mitengo ya m'mbali mwa msewu yataya kukongola. Ndikumvetsa, anaikhalira pansi mitengo imeneyo. Koma pa sikirini ya m'manja, galimoto ikuthamanga, ndi ochepa amene angaone kusiyanako, pomwe kudodoma aliyense amakuona.

Chachiwiri, tinaphunzitsa gemu kufunsa foni za kutentha. Kuyambira pa Android 11 pali `getThermalHeadroom()`, yomwe imapereka nambala yosonyeza kuti foni yayandikira bwanji malire ake, ikafika 1.0 ndiye kuti yafika pa mlingo wa `SEVERE` uja. Tinakonza kuti nambalayo ikamakwera, gemu ichepetse mithunzi ndi utsi, ndipo zikakanikabe itsike n'kukhazikika pa zithunzi 30 pa sekondi. Bwana anafunsa ngati kutsika kufika pa 30 si kubwerera m'mbuyo. Ndinawapatsa foni kuti ayese okha njira zonse ziwiri. Pa 30 yokhazikika chithunzi chilichonse chimakhala mamilisekondi 33.3 ndendende, dzanja limazolowera, ndipo ngodya anaikhota osagunda.

Lachisanu foni ija inamaliza mipikisano yotsatizana osatsika n'komwe kufika pa 30. Chatsala ndi mafoni amene sapereka nambala ya kutenthayo, amangobweza `NaN`, kutanthauza kuti si nambala. Pa amenewo gemu iyenera kudziyeza yokha: ikaona zithunzi zikuphonya mobwerezabwereza, ichepetse katundu osadikira kuuzidwa. Ndayala kale mafoni a mtundu umenewo patebulo kuti Lolemba tiyambire pamenepo.