Sabata ya tchati cha ufa

Lolemba abwana a holoselo ina pafupi ndi msika wa Kapata ku Chipata anatibweretsera tchati cha matumba a ufa a 25 kg amene amagulitsidwa tsiku ndi tsiku. Mzere wake unali ngati mano a sowo, kukwera ndi kutsika kosalekeza. Funso lawo linali limodzi: malonda anatsika liti m'mwezi wa Meyi, anthu a kumidzi atayamba kudya chimanga chawo? Ankafuna kudziwa kuti chaka chamawa adzachepetse oda pa nthawi yake.

Tsiku lonselo linathera poyeretsa manambala. Sabata wamba pashopuyi imayenda motere: Lolemba matumba 90, Lachiwiri 80, Lachitatu 80, Lachinayi 85, Lachisanu 110, Loweruka 185 pamene eni magolosale a ku Chadiza ndi ku Mwami amabwera kudzapikula, ndipo Lamlungu 0 chifukwa ndi kotseka. Onse pamodzi ndi 630, kutanthauza 90 pa tsiku. Vuto linali loti kalaliki ankasiya selo ya Lamlungu yopanda kanthu m'masabata ena, m'masabata ena n'kulemba 0. Mu Excel `AVERAGE` imalumpha selo yopanda kanthu koma imawerenga 0, choncho sabata yomweyo imatha kutuluka 105 kapena 90 malinga ndi mmene kalaliki analembera. Tinaika mzera wa tsiku lililonse la pakalendala, 0 pamene shopu inatsekadi, ndipo masiku amene buku silinalembedwe tinawasiya opanda kanthu, chifukwa kusalemba si kusagulitsa.

Kuti tisalaze mano a sowo aja, tinaganiza zoti pa tsiku lililonse tizilemba avereji ya masiku angapo othera pa tsikulo. Lachiwiri nkhani inali ya kuchuluka kwa masiku oika mu avereji. Mnzathu wina anati titenge asanu poti ndi nambala yosavuta. Tinangoyesa. Masiku asanu othera Loweruka amapereka 108, asanu othera Lachinayi amapereka 67, chonsecho malonda sanasinthe n'komwe. Mzere ukungovina potengera kuti Loweruka lalowa kapena latuluka. Masiku 7 savina chifukwa paliponse pamene mungayambire muli Loweruka limodzi ndi Lamlungu limodzi. Ofuna mzere wosalala kuposa apo atenge 14 kapena 28, osati 10 kapena 30. Madeti ali mu kolamu A, matumba mu B kuyambira mzera wachiwiri, ndiye mu C8 tinalemba izi n'kukokera pansi:

```
=IF(COUNT(B2:B8)=7,AVERAGE(B2:B8),NA())
```

`COUNT` ikuonetsetsa kuti masiku akwanadi 7. Akapanda kukwana, `NA()` imaletsa tchati kujambula kadontho kabodza pa ziro.

Lachitatu ndiye linali tsiku lofunika. Sabata imene malonda anagwa manambala anali 60, 55, 50, 55, 75, 125 ndi 0, onse pamodzi 420, kapena 60 pa tsiku. Kugwako kunachitika kamodzi, Lolemba lomwelo, ndipo kuyambira apo tsiku lililonse logulitsa linachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu. Koma taonani zimene kolamu C inasonyeza: Lolemba 85.7, Lachiwiri 82.1, Lachitatu 77.9, Lachinayi 73.6, Lachisanu 68.6, n'kudzafika pa 60 Loweruka. Chimene chinali phompho chasanduka chitsetse cha sabata yathunthu. Woona mzere wokhawo anganene kuti malonda ankatsika pang'onopang'ono, zomwe si zoona.

Chifukwa chake n'choti avereji yotereyi imayang'ana m'mbuyo mokha. Nambala yolembedwa pa Lachinayi ndi ya masiku 7 amene pakati pake ndi Lolemba, ndiye imachedwa ndi masiku atatu. Lamulo lake: chotsani 1 pa chiwerengero cha masiku, gawani pawiri. Ya masiku 28 imachedwa ndi masiku 13 ndi theka, ndipo pa nkhani yathuyi, sabata yonse yoipa itatha, inali ikadali pa 82.5. Abwana anaikonda kwambiri imeneyi chifukwa ndi yosalala ngati tala wa ku Great East Road, koma woitsatira akanaitanitsa lole ina ya ufa mosungira katundu muli modzaza kale. Dziwaninso kuti `Moving Average` ya pa `Trendline` mu Excel ndi ya mtundu woyang'ana m'mbuyowu.

Pofuna deti lenileni, fomula yomweyo tinailemba mu D5 m'malo mwa C8, kuti avereji ikhale pa tsiku lapakati, atatu m'mbuyo ndi atatu kutsogolo. Pakati pa 90 ndi 60 ndi 75. Mzere wa D umadutsa 75 pakati pa Lamlungu ndi Lolemba, pamene zinthu zinasinthiradi, pomwe wa C umadutsa pakati pa Lachitatu ndi Lachinayi. Nawonso uli ndi bodza lake: umayamba kutsika Lachisanu la sabata yapitayo, malonda akadali bwino, chifukwa umasuzumira kutsogolo. Choncho deti muziliwerenga pakatikati pa chitsetse, osati poyambira pake. Komanso masiku atatu omalizira amakhala opanda mzere. Musawadzaze ndi avereji ya masiku anayi kapena asanu, chifukwa kuvina kuja kubwereranso, pamapeto penipeni pomwe aliyense amayang'ana. Pofotokoza zakale, D ndiye wabwino. Poyang'anira za lero, C, koma mukukumbukira masiku atatu aja.

Lachinayi tinapeza kaphiri m'mwezi wa Epulo. Mzere unalumpha kuchoka pa 90 kufika pa 140, n'kukhala pomwepo masiku 7, kenako n'kugwa kamodzi. "Bwana, apa panachitika chiyani?" tinafunsa. Iwo anati, "Iyo ndi oda ya sukulu ya boding'i, anatenga matumba 350 tsiku limodzi." Ndi momwemo: 350 kugawa ndi 7 ndi 50, ndipo 50 ameneyo amakhala mu avereji mpaka tsikulo litatuluka. Mukaona kaphiri kafulati pamwamba, kotalika ndendende ngati masiku a avereji yanu, dziwani kuti ndi tsiku limodzi lapakidwa pa sabata yonse. Kugwa kwa tsiku lachisanu ndi chitatu sikutanthauza kuti makasitomala athawa.

Njira yachidule yosiyanitsira ndi kuchotsa tsiku lomwelo la sabata yatha, mu E9:

```
=B9-B2
```

Avereji ya masiku 7 imasuntha ndi nambala imeneyi kugawa ndi 7, basi. Pa oda ya sukulu, kolamu E inasonyeza +350 kamodzi, manambala ang'onoang'ono masiku otsatira, kenako -350 patatha sabata. Pa kugwa kwa Meyi inasonyeza -30, -25, -30, -30, -35, -60, masiku asanu ndi limodzi ondondozana, onse opita pansi. Ife timayamba kukhulupirira kuti zasinthadi zikafika masiku atatu kapena anayi otero. Kumapeto kwa mwezi kumafuna kusamala, poti anthu akalandira malipiro kolamu E imakwera masiku angapo, ndipo avereji ya masiku 7 siichotsa zimenezo. Pamenepo yerekezani ndi kumapeto kwa mwezi wathawo.

Lachisanu kunali kujambula. Manambala a tsiku ndi tsiku tinawasiya pa tchati ngati mzere wopyapyala wotuwa, avereji ya D pamwamba pake ndi mzere wonenepa wakuda. Bokosi la `Smoothed line` tinalisiya losachonga, chifukwa limangopinda ngodya ndipo limatha kupitirira pamene nambala yeniyeni yathera. Tsiku la oda ya sukulu tinalilemba dzina pa tchati pomwepo, ndipo pa avereji tinagwiritsa ntchito malonda a pakauntala okha, matumba 350 aja titawachotsa. Pansi pa mutu tinalemba kuti "avereji ya masiku 7, yoikidwa pa tsiku lapakati", ndipo pa Lolemba lija limene malonda anagwa tinaimika kamzere. Abwana anachonga deti limenelo pa kalendala ya chaka chamawa, n'kubwerera m'mbuyo masiku amene lole imatenga kuti ifike oda ikaperekedwa.